Tasikiba ikudya malo pa laputopu yaing'ono: kusuntha zizindikiro ndi kuchepetsa msinkhu wake

"Ndine mphunzitsi, ndipo ndinagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito yomwe sikirini yake ndi ya mainchi 13, ndipo muli Windows 11. Zizindikiro za mapulogalamu zili pakati pa tasikiba pomwe ine ndinazolowera kuziona kumanzere. Tasikibayo ndi yonenepanso, moti ndikamalowetsa malikisi a ana mu Excel ndimangoona mizere yochepa. Mnzanga anati ndilembe TaskbarSi mu rejisitiri, ndinatero koma palibe chasintha. Kodi ndaononga kanthu? Nanga ndichite bwanji?"

Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo, simunaononge kalikonse. Mawu amene munalemba mu rejisitiri, nkhokwe imene Windows imasungamo zosankha zake, Windows yanu yangowanyalanyaza, ndipo kutsogoloku ndikuonetsani mmene mungawafufutire. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza ndi kukhazikitsa makompyuta a anthu, ndaona kuti ambiri amasakaniza zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati chimodzi pomwe zili ndi magwero osiyana. Kumene zizindikiro zakhala, kaya pakati kaya kumanzere, ndi nkhani ya chizolowezi cha dzanja ndi diso, ndipo imatha pa mphindi imodzi. Msinkhu wa tasikiba, mzere wa zizindikiro wa kumunsi kwa sikirini uja, ndi nkhani ina, chifukwa umadalira kwambiri mmene Windows ikukulitsira zinthu zonse pa sikirini, ndipo malo amene mukuwafunawo mudzawapeza kumeneko.

Musanakhudze chilichonse, dziwani kaye mtundu wa Windows 11 umene muli nawo. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `winver`, kenako dinani Enter. Kabokosi kamene katulukeko kakuuzani ngati muli pa 21H2, 22H2, 23H2, 24H2 kapena mtundu wina watsopano. Nambala imeneyi ilembeni papepala, chifukwa malangizo ambiri amene anthu amapatsana okhudza tasikiba anali oona pa mtundu umodzi ndipo anasiya kugwira ntchito pa mtundu wotsatira.

Tiyambe ndi chosavutacho. Windows 11 itatuluka mu Okutobala 2021, inabwera ndi zizindikiro zili pakati, koma njira yozibwezera kumanzere inalimo kuyambira tsiku loyamba. Dinani ndi batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu pa tasikiba, sankhani Taskbar settings, tsikirani m'munsi mpaka mupeze Taskbar behaviors ndipo mutsegule. Mzere woyamba ndi Taskbar alignment, ndipo pambali pake pali posankha Center kapena Left. Mukangosankha Left, batani la Start ndi zizindikiro zonse zimathamangira kumanzere nthawi yomweyo, popanda kuzimitsa kompyuta.

Pa laputopu yaing'ono ine ndimalangiza Left, ndipo chifukwa chake chimaposa kungozolowera. Zizindikiro zikakhala pakati, gulu lonselo limasuntha pang'ono nthawi iliyonse imene mwatsegula kapena kutseka pulogalamu imene sinakhomedwe pa tasikiba, popeza Windows imafuna kuti gululo likhalebe pakati penipeni. Zotsatira zake n'zakuti Excel imene inali apa m'mawa ikhala itasendera cha uko masana, ndipo diso liyenera kuifunafuna musanadine. Zikakhala kumanzere, batani la Start limakhazikika pangodya ndipo mapulogalamu amene munakhoma amakhala pamalo omwewo tsiku lonse, atsopano n'kumangowonjezekera kumanja. Ngodya ilinso ndi ubwino wina kwa munthu wogwiritsa ntchito tachipadi yopapatiza, chifukwa mukakankha kamuvi mwamphamvu kulowera kumunsi kumanzere, kamakaima kokha pangodyapo ndipo simufunika kulunjika mosamala. Pakati pamathandiza anthu okhala ndi sikirini yotambalala kwambiri, amene ngodya imawatalikira, komanso amene amadina sikirini ndi chala. Pa mainchi 13 ngodya ili pafupi, choncho phindu limenelo ndi lochepa.

Koma ndikuchenjezeni kuti kusuntha zizindikiro sikuwonjezera mzere ngakhale umodzi mu Excel. Tasikiba ikhalabe ndi msinkhu womwewo.

Kuti timvetse za msinkhuwo tiyenera kuchita masamu pang'ono, ndipo inu monga mphunzitsi simuvutika nawo. Sikirini imapangidwa ndi timadontho timene timatchedwa mapikiselo. Tasikiba ya Windows 11 imatenga mapikiselo 48 kuchokera pansi kupita m'mwamba ngati Scale, mlingo umene Windows imakulitsira zinthu pa sikirini, ili pa 100%. Ya Windows 10 inkatenga 40, ndipo munthu akayatsa mabatani aang'ono inkatsika kufika pa 30, n'chifukwa chake amene achokera ku Windows 10 amaona ngati yatsopanoyi yanenepa, ndipo sakunama. Tsopano dinani batani la Windows pamodzi ndi I, pitani pa System, kenako Display, ndipo muwerenge mizere iwiri, wa Scale ndi wa Display resolution. Malaputopu ambiri a msinkhu wa yanuyo amakhala ndi 1920 x 1080 kapena 1366 x 768, ndipo chochita chimasiyana malinga ndi chimene mwapeza.

Tiyerekeze kuti mwapeza 1920 x 1080 ndipo Scale ili pa 150%, monga Windows imakonda kusankhira masikirini aang'ono oterewa. Izi zikutanthauza kuti chilichonse chikukulitsidwa ndi theka, ndiye tasikiba ikutenga mapikiselo enieni 72 m'malo mwa 48. Chachikulu kuposa pamenepa n'chakuti mapulogalamu anu akuona sikiriniyo ngati ya 1280 x 720 basi, ndipo mukachotsapo 48 za tasikiba, Excel imatsala ndi 672 zoti igawire mutu wake, riboni ya mabatani ya pamwamba ija, mzere wa mafomula ndi mizere ya malikisi. Mukatsitsa Scale kufika pa 125%, tasikiba imatsika kufika pa mapikiselo enieni 60, ndipo mapulogalamu amaona sikirini ngati ya 1536 x 864, moti Excel imapeza 816. Kusiyana kwake ndi 144. Popeza mzere umodzi wa Excel umene simunausinthe umatenga pafupifupi 20, mwapeza mizere ina pafupifupi isanu ndi iwiri pa kusintha kamodzi kokha. Yerekezani ndi zimene munkafuna poyamba zija: ngakhale tasikiba itachotsedweratu, malo ake onse ndi mizere iwiri ndi kachidutswa. Apa mukhoza kuona kuti chimene chimadya malo kwambiri ndi Scale, tasikiba imangooneka msanga chifukwa ili pamaso.

Kutsitsa Scale kuli ndi mtengo wake, womwe ndi wakuti zilembo zimachepa paliponse. Yesani 125% kwa tsiku lathunthu la ntchito musanagamule, ndipo mudziyang'anire nokha. Ngati mwayamba kuweramira kutsogolo, kutsinzinira kuti muwerenge mayina a ana, kapena mutu ukuwawa pofika madzulo, ndiye kuti mwatsitsa mopitirira maso anu. Pali njira yapakati imene ndimaikonda kwa anthu otere: siyani Scale pa 125%, pitani pa Accessibility, kenako Text size, mukweze zilembo zokha kufika pa 110% kapena 115% ndi kudina Apply. Zilembo za m'mamenyu zimakula pomwe mafelemu a mawindo amakhala pafupifupi momwe analili. Pa 100% sindikulangizani kufikapo pa sikirini ya mainchi 13 ya 1920 x 1080, chifukwa zilembo zimasanduka ngati nyerere. Mukasintha Scale n'kuona kuti pulogalamu ina ikuoneka yachimbuuzi, itsekeni ndi kuitsegulanso, kapena tulukani mu akaunti yanu ndi kulowanso. Musakhudze Display resolution poganiza kuti ndi chimodzimodzi. Isiyeni pa nambala yolembedwa kuti Recommended, chifukwa mukaitsitsa zithunzi ndi zilembo zimataya kuthwa kwake ndipo malo amachepa m'malo mowonjezeka.

Ngati mwapeza 1366 x 768, kawirikawiri Scale imakhala ili kale pa 100%, ndipo pamndandandawo palibe nambala yotsika kuposa pamenepo. Pamenepa tasikiba ikudya gawo limodzi mwa magawo 16 a msinkhu wa sikirini, ndipo chida chanu chachikulu ndi kuibisa. Pa Taskbar behaviors pomwe paja pali kabokosi ka Automatically hide the taskbar. Mukachongamo, tasikiba imalowa pansi n'kusiya kamzere kopyapyala, ndipo imatuluka mukafikitsa kamuvi m'mphepete mwa pansi kapena mukadina batani la Windows. Anthu ena amadana nayo njira imeneyi chifukwa wotchi ndi chizindikiro cha batire sizionekanso, ndipo kwa amene mumagwira ntchito magetsi atazima, kusaona batire si nkhani yaing'ono. Mu Excel mulinso kovuta kena, chifukwa mayina a mapepala, monga Fomu 1 ndi Fomu 2, amakhala m'munsi mwenimweni, ndiye mukapitiriza kamuvi pang'ono tasikiba imadumpha n'kuphimba chimene mumafuna kudina. Dzanja limazolowera pakapita masiku angapo, ndipo mukhozanso kusintha mapepalawo ndi Ctrl pamodzi ndi Page Down kapena Page Up.

Nthawi zina tasikiba yobisika imakana kubwerera pansi. Chimachititsa kawirikawiri ndi pulogalamu imene ikufuna kuti muione, ndipo mudzaizindikira chifukwa chizindikiro chake chimasintha mtundu kapena kuthwanima. Idineni, ndipo tasikiba ibisalanso. Ikakanabe, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, pezani Windows Explorer pamndandanda, dinani ndi batani lakumanja ndi kusankha Restart. Tasikiba izimiririka kwa masekondi ochepa n'kubwerera, ndipo Excel yanu ikhalabe yotsegula.

Tibwere tsopano ku mawu amene mnzanu anakupatsani. Mnzanuyo sanakunamizeni, anangokupatsani mankhwala otha nthawi. Pa mtundu woyamba wa Windows 11, wa 21H2, munthu akalemba TaskbarSi mu rejisitiri n'kuipatsa 0, tasikiba inkachepadi, 1 inali yapakati ndipo 2 inali yaikulu. Ngakhale nthawi imeneyo sizinkaoneka bwino kwenikweni, chifukwa pa 0 wotchi ndi tizizindikiro ta kumanja tinkakhala mopendekeka ndipo deti linkadulidwa m'munsi. Microsoft sinalengezepo njira imeneyi ngati yovomerezeka, ndipo tasikiba itakonzedwanso m'kati mwa nthawi ya 22H2, mawuwo anasiya kuchepetsa msinkhu. Nambala imene munalemba kuchokera pa `winver` ija ikakhala 23H2 kapena 24H2, ndiye chifukwa chake simunaone kusintha. Kuwasiya momwemo sikuononga, komabe ndi bwino kuchotsa chimene sichikugwira ntchito. Tsegulani Command Prompt ndi kulemba mzere uwu ndendende:

```
reg delete "HKCU\Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Explorer\Advanced" /v TaskbarSi /f
```

Onetsetsani kuti mwalemba `/v TaskbarSi` musanadine Enter. Mukasiya mbali imeneyo, lamulolo lifufuta chigawo chonse cha Advanced, mmene muli zosankha zanu zambiri za File Explorer ndi tasikiba. Ngati kulemba malamulo kumakuchititsani mantha, tsegulani Registry Editor monga munachitira poyamba, pezani dzina la TaskbarSi kudzanja lamanja, ndipo mufufute lokhalo.

Pali chinthu china chatsopano chimene chimasokoneza anthu chifukwa cha dzina lake. Mu 2025 Windows 11 inalandira mzere wa Show smaller taskbar buttons, womwe ulinso pansi pa Taskbar behaviors, ndipo posankha pake pali Always, Never ndi When taskbar is full. Amene anazolowera Windows 10 amayembekezera kuti tasikiba yonse ifupika, koma pa makompyuta a 23H2 ndi 24H2 amene ndayatsapo, zimene zimachepa ndi zizindikiro zokha, pomwe mpanda wa tasikiba umakhala ndi msinkhu womwewo. Phindu lake lili m'mbali, chifukwa mapulogalamu ambiri amakwana pamzere umodzi. Ngati simukuuona mzerewu, mwina kompyuta yanu sinalandire zosintha za Windows Update kwa nthawi, ndipo popeza zosinthazo zimadya bandulo, dikirani mpaka mutapeza intaneti yosawerengera.

Malo a m'mbaliwa ndi oyenera kuwasamala pa sikirini yopapatiza, chifukwa tasikiba ikadzaza Windows imabisa mapulogalamu otsala kuseri kwa timadontho titatu, ndipo mumadina kawiri kuti mufike pa chinthu chimodzi. Chimene chimadya malo ambiri ndi bokosi lofufuzira. Pamwamba pa tsamba la Taskbar settings, pa mzere wa Search, sankhani Search icon only kapena Hide. Simutaya kalikonse, popeza mukadina batani la Windows n'kuyamba kulemba, kufufuza kumayamba kokha. Zimitsaninso Widgets ndi Task view ngati simuzigwiritsa ntchito, ndipo mapulogalamu amene anakhomedwa ndi mwini wake wakale wa laputopuyo muwachotse podina ndi batani lakumanja ndi kusankha Unpin from taskbar. Pomaliza yang'anani mzere wa Combine taskbar buttons and hide labels, umene unabwerera kumapeto kwa 2023. Ukakhala pa Never, windo lililonse limatenga batani lalitali lokhala ndi dzina, moti mawindo ochepa okha amadzaza tasikiba yonse. Pa sikirini yanu ikani Always, kapena When taskbar is full ngati mumafuna kusiyanitsa mafayilo a makalasi awiri mwa mayina awo.

Mwina kunyumba kapena kusukulu kuli kompyuta ina ya Windows 10, ndipo kumeneko zinthu zili mosemphana. Kuchepetsa msinkhu n'kosavuta, mumangoyatsa Use small taskbar buttons, ngakhale kuti deti limachoka n'kutsala nthawi yokha. Mukhozanso kuchotsa chongi pa Lock the taskbar n'kukoka m'mphepete mwake kuti ikule, kapena kuiimika kumanzere kapena kumanja kwa sikirini, zomwe pa laputopu yaifupi zimapulumutsa msinkhu wonse. Chovuta kumeneko ndi kuika zizindikiro pakati, chifukwa palibe posankha pake. Anthu amachita mozembera poyatsa Links pansi pa Toolbars, kuikokera kumanzere kwa zizindikiro ndi kukankha zizindikirozo mpaka pakati, koma batani la Start limatsalabe pangodya. Sindikulangizani kubwerera ku Windows 10 chifukwa cha tasikiba yokha, popeza chithandizo chake chanthawi zonse chinatha pa 14 Okutobala 2025.

Mudzamvanso za mapulogalamu apadera monga StartAllBack, ExplorerPatcher, Start11 ndi Windhawk, amene amasintha maonekedwe a tasikiba kuposa mmene Settings imalolera. Ena mwa iwo amachepetsadi msinkhu, ndipo Windhawk ili ndi chowonjezera chimene chimakulolani kulemba nambala ya mapikiselo imene mukufuna. Mapulogalamu amtunduwu amalowerera m'kati mwa Windows Explorer, yomwe ndi imene imajambula tasikiba ndi desikitopu, choncho Windows ikasintha m'kati mwake iwo asanakonzedwe, zinthu zimatha kusweka. Kumayambiriro kwa 2023 Microsoft inachenjeza poyera kuti zosintha zina za 22H2 zikhoza kuchititsa kuti makompyuta okhala ndi mapulogalamu ena otere asayake bwino. Ndinalandirapo laputopu ya wophunzira wina imene inkafika pa sikirini yakuda yokhala ndi kamuvi kokha, tasikiba ikutuluka ndi kuzimiririka mosalekeza, ndipo mwiniwake anali atatsala ndi masiku awiri kuti apereke ntchito yake. Tinaipulumutsa potsegula Task Manager, kusankha Run new task, kulemba `appwiz.cpl` ndi kuchotsa pulogalamu imene anaikayo, ndipo mafayilo ake onse anali bwinobwino. Iye anadutsa m'mavuto onsewo pofuna kupulumutsa malo osakwana ngakhale mzere umodzi wa Excel. Kwa munthu wokonda kuseweretsa makompyuta ndiponso wokhala ndi ina yapadera, palibe choletsa. Kwa inu amene laputopu imodzi yomweyo ikusunga malikisi a ana, phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi chiopsezo.

Mu Excel momwemo muli malo ambiri kuposa amene tasikiba ingakupatseni. Dinani Ctrl pamodzi ndi F1, ndipo riboni ipindika n'kusiya mayina a matabu okha, zomwe zimabweza mizere ina inayi kapena kuposerapo, ndipo mukadinanso imabwerera. Kumunsi kudzanja lamanja kuli kotsetsereka kokulitsira tsamba, ndipo mukakatsitsa kufika pa 90% mizere imawonjezekanso popanda kukhudza china chilichonse pa kompyuta. Ndikanakhala nanu pafupi, ndikanayamba ndi Left, kenako Scale pa 125% ngati sikirini yanu ndi ya 1920 x 1080, kenako riboni, ndipo kubisa tasikiba ndikanakusiyira komaliza, pokhapokha ngati sikirini ndi ya 1366 x 768.

Pali zizindikiro zingapo zimene zikusonyeza kuti vuto lapitirira zimene mungakonze nokha. Ngati zosankha za pa Taskbar settings zili zotuwa ndipo pamwamba pali uthenga wonena kuti muyenera kuchita Activate, ndiye kuti Windows ya mu laputopuyo ilibe laisensi yogwira ntchito, zomwe zimachitikachitika pa makompyuta ogulidwa kwa ena, ndipo muyenera kubwerera kwa amene anakugulitsani. Ngati uthengawo ukunena kuti zosankha zina zikuyendetsedwa ndi bungwe, laputopuyo mwina inachokera ku ofesi ina ndipo malamulo a kumeneko akadalimo, choncho katswiri ayenera kuiona, ndipo nthawi zina pamafunika kuikamo Windows mwatsopano. Ngati Display resolution yakakamira pa nambala yotsika monga 1024 x 768, zinthu zonse zikuoneka zotambasuka ndipo simungathe kusintha, vuto ndi dalaivala wa sikirini, kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kujambula zinthu pa sikiriniyo, ndipo mukatsegula Device Manager pansi pa Display adapters mudzapeza palembedwa Microsoft Basic Display Adapter m'malo mwa dzina la Intel, AMD kapena NVIDIA. Pamenepo tasikiba imaoneka yaikulu chifukwa sikirini yonse ikujambulidwa molakwika, ndipo dalaivala woyenera akalowa imabwerera pa msinkhu wake yokha. Musanapereke laputopuyo kwa aliyense woti aikonze, koperani kaye mafayilo a malikisi pa fulashi ndipo fulashiyo itsale m'manja mwanu.